Kuchoka pa "ana" mpaka pa "mphanda": mmene zilapi za chilembo chimodzi zimapangidwira

Ndili ndi zilembo zinayi ndipo ndimachotsa munthu ulemu pabwalo la milandu. Mukandiwonjezera chilembo chimodzi chokha, nsima imatsika popanda kuikakamiza. Ndine yani?

Yankho ndi "nama" ndi "nyama". Chilembo cha y chalowa pambuyo pa n, bodza lasanduka ndiwo. Chilapi cha mtundu umenewu chimakhala ndi mayankho awiri omangirirana, ndipo aliyense ali ndi mawu ake omulozera. Woyankha ayenera kupeza onse awiri ndi kuonetsa kuti lachiwiri ndi loyamba lomwe lija, kungoti lalandira chilembo chimodzi, popanda kuchotsapo kanthu kapena kusuntha zilembo zinazo.

Zilapi zimene tinakula nazo zimagwira khutu ndi maso a m'mutu. Wina akati "nyumba yanga yopanda khomo", mumaganizira maonekedwe a zinthu mpaka mutafika pa dzira, ndipo agogo amene sanapondeko m'kalasi amatha kugonjetsa mphunzitsi. Izi za chilembo chimodzi ndi zina. Zimadalira kalembedwe, ndipo kuno ku Lusaka nkhani ya kalembedwe si yaing'ono, chifukwa pakhomo limodzi pangakhale mwana wophunzira Chinyanja cha kusukulu, mayi wa ku Katete wozolowera Baibulo lakale, ndi mlendo wochokera ku Lilongwe. Chilapi chabwino chimakhala ndi yankho limodzi lokha limene onsewa angavomereze. Kuti chifike pamenepo, wochipanga ayenera kudziwa makomo amene chilembo chimalowera m'mawu athu.

Tengani mawu a zilembo zitatu, monga "ula", uja amaombeza asing'anga. Malo amene chilembo chingalowe ndi 4: kutsogolo, pakati pa u ndi l, pakati pa l ndi a, ndi kumapeto. Zilembo zimene timagwiritsa ntchito ndi 24, popeza q ndi x tilibe nazo ntchito. Ndiye kuti pali njira 96 zoyesera. Koma palibe amene amayesa zonsezo, chifukwa chilankhulo chathu chinatseka kale zambiri. Mawu athu onse amathera pa vawelo, ndiye konsonanti singakhale kumapeto. Khomo limenelo liiwaleni. Pakati pa u ndi l palibenso zambiri zoti n'kulowa. Kutsogolo ndiye kuli piringupiringu: gula, kula, dula, vula, sula, tula, zula, fula. Mawu 8 kuchokera pa tsinde limodzi.

Wina angasangalale kuti wapeza mgodi, koma kwa wopanga chilapi kuchuluka kumeneku ndi ngozi. Mukanena kuti "onjezani chilembo, mupeze chimene munthu amachita ndi manja", mwatsegulira dula, sula, tula ndi zula nthawi imodzi, ndipo amene wayankha "zula" pamene inu mumafuna "sula" sanalakwe. Mawu olozera ayenera kutsekereza asanu ndi awiri enawo. "Ntchito ya munthu wa mvukuto ndi nyundo" ikusiya sula yekha. "Chimene njuchi sizikukhululukira" chikusiya fula yekha. Kakhalidwe komweko kali ndi "uta", amene amabala suta, puta, vuta ndi kuta, ndiponso "ona", amene amabala gona ndi nona.

Khomo lachiwiri, limene ine ndimalikonda kuposa onse, ndi la h. Chilembo chimenechi chikatsatira p, t kapena k chimaonetsa kampweya kamene kamatuluka potchula, ndipo kampweya kameneko kamasintha tanthauzo lonse. "Pala", monga kupala nsomba kapena kupala moto, amasanduka "phala". "Kola" amasanduka "khola", "koma" amasanduka "khoma", "kuta" amasanduka "khuta". Ikani chikhatho pafupi ndi pakamwa n'kutchula kola kenako khola, mumva mpweya ukukugundani pa liwu lachiwiri lokha. Ubwino wa khomo limeneli ndi woti nthawi zambiri limalumikiza mawu osayandikana m'pang'ono pomwe, choncho woyankha sangalote lachiwiri pongoganizira loyamba. Msampha ndi nyumba ya mbuzi n'zotalikirana, ngakhale papepala zikusiyana ndi kachilembo kamodzi.

Palinso m kapena n zolowa kutsogolo kwa konsonanti: vula ndi mvula, bala ndi mbala, phala ndi mphala, ija ankagonamo anyamata kumudzi. Ngakhale mawu obwereka amalowa, peni yolembera n'kukhala mpeni. Kenako pali njira yotembenuka, pamene m kapena n ilipo kale ndipo chilembo chatsopano chikudzakhala pambuyo pake. "Mana" yekha amabala manda, manga ndi manja. "Ima" amabala imba, "uma" amabala umba, "gona" amabala gonja. Chilembo cha w chimalowa pakati pa konsonanti ndi vawelo: dala n'kukhala dwala, bera n'kukhala bwera, mana n'kukhala mwana. Ndipo t amakonda kukhala kutsogolo kwa s: seka ndi tseka, soka ndi tsoka, samba ndi tsamba.

Mavawelo ndiwo osowa. Popeza phatikizo lililonse lili kale ndi vawelo yake, yatsopano imapeza malo awiri okha. Ingakhale kutsogolo kwa mawu aafupi, monga fa ndi ufa, kapena ingalowe pakati pa makonsonanti awiri n'kuwalekanitsa, monga mwa ndi mowa, gwa ndi guwa, swa ndi sowa. Amene wadziwa zimenezi sayesanso njira 96. Amayang'ana mawuwo n'kudzifunsa mafunso ochepa: kodi pali p, t kapena k yoti ilandire h? Kodi pali n kapena m yoti itsatidwe ndi chilembo china? Kodi kutsogolo kuli vawelo yosavala?

Pali pangano limodzi lofunika kulinena masewera asanayambe. Aneni timawapereka opanda ku- wa kutsogolo, monga mmene amalembedwera mu mtanthauziramawu. Mukasunga ku-, kuona ndi kugona zidzagwirabe, koma kuvula sikungafike pa mvula, ndipo theka la zilapi zokoma, zija zolumpha kuchoka pa mneni kufika pa dzina, lidzatayika.

Chovuta chachikulu m'Chichewa si kupeza chilembo choti chilowe, koma kukana zimene zimalowa mosavuta kwambiri. Chilankhulo chathu chimamanga malamulo ake ndi timaphatikizo ta chilembo chimodzi. Galu akachuluka ndi agalu. Gona amakhala agona, ugona, igona. Mwana wochenjera akazindikira zimenezi adzayankha chilichonse pongoika a kutsogolo, ndipo malinga ndi kuwerenga zilembo adzakhala kuti sanalakwe. N'chifukwa chake lamulo loti tanthauzo likhale losiyana liyenera kugwiridwa mwamphamvu. Muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: ngati mungafotokoze mawu achiwiri pogwiritsa ntchito oyamba, chilapicho chagwa. Agalu ndi galu wambiri, chagwa. Koma simungafotokoze mvula poyambira pa kuvula malaya.

Pali mawu ena okhala pamalire. Konda ndi kondwa akuoneka kuti ndi apachibale, ndipo wina angatsutse kuti w ameneyu ndi yemwe uja amaonetsa kuchitiridwa chinthu. Ine ndimawalola, chifukwa munthu wokondwa lero sitikunena kuti pali amene akumukonda. Wangosangalala, mwina wagulitsa tomato wake yense kumsika wa Soweto dzuwa lisanafike pamutu. Tanthauzo linapatuka kale n'kuima palokha. Ndipo kuwalola kumatipatsa makwerero okoma: ona, onda, konda, kondwa.

Tisasokonezenso chilembo ndi liwu. Ny ndi liwu limodzi pakamwa koma zilembo ziwiri papepala, choncho umba ndi nyumba sizilowa. Kanyama, dera lija la kumadzulo kwa tauni, ndi nyama yowonjezera phatikizo lathunthu, ndipo amenewo ndi masewera ena. Kachizindikiro kolekanitsa kaja ka m'mwamba nakonso si chilembo. Mbale yodyera ndi m'bale wako ndi mawu awiri osiyana, koma palibe chilembo chawonjezedwa. Nanga gona ndi ng'ona? Apa anthu amakangana. Papepala chilembo chatsopano ndi n chokha, pamodzi ndi kachizindikiro kamene tanena kuti sitikawerenga. Pakamwa, g wa gona wasowa ndipo pabwera liwu lina la m'mphuno. Ine ndimachilola ngati chilapicho chalembedwa, koma ngati tikuponyerana pakamwa mumdima ndimachisiya, chifukwa khutu silimva gona m'kati mwa ng'ona.

Tsopano za Lusaka. Ku Malawi, kumene chilankhulochi chinayamba kutchedwa Chichewa m'boma mu 1968, malamulo a kalembedwe anatuluka mu 1973 ndipo anakonzedwanso pambuyo pake. Ku Zambia unduna wa maphunziro unavomereza kalembedwe ka zilankhulo za kuno mu 1977. Njira ziwirizi zimagwirizana pa zambiri, koma zinasiyana pa liwu limodzi limene limapezeka paliponse. Chimene ku Malawi amalemba ch, ku Zambia timalemba c yekha: cinthu, cakudya, Cinyanja. Ndipo chimene ku Malawi ndi tch, kuno ndi ch. Pa kuwerenga nkhani kusiyana kumeneku sikuvutitsa aliyense. Pa masewera owerenga zilembo ndi nkhani ya kupambana kapena kugonja.

Ndinaziona tsiku lina madzulo ku Chawama, magetsi atazima, ana atazungulira kandulo ndi kope lakale la masamu. Mdzukulu wa mlongo wanga, amene amaphunzira pasukulu ya boma pafupi pomwepo, anaponya chake: "Zovala zikakhala padzuwa zimatero. Onjezani chimodzi, mupeze chimene amalume alibe kubanki." Ana anzake anayankha msanga kuti uma ndi cuma. Msuweni wawo wochokera ku Lilongwe, amene anabwera kudzacheza patchuthi, analanda pensulo n'kulemba c, h, u, m, a pansi pa mawuwo.

"Agogo, taonani, izi ndi ziwiri. Wabera!"

"Sindinabere ine. Aphunzitsi athu amalemba conco."

Onse awiri ankanena zoona. M'kalembedwe ka kuno, uma ndi cuma ndi chilapi chosadetsedwa, monganso apa ndi capa. M'kalembedwe ka ku Malawi zonse ziwiri sizigwira. Tinagwirizana kuti woponya chilapi azinena kaye kuti akulemba mwa kuti, ndipo masewera anapitirira. Chodabwitsa ndi choti pali mawu ena amene amagwira mbali zonse ziwiri koma ndi chilembo chosiyana. Kucha kwa m'mawa, kuja kunapereka dzina la ndalama zathu, ndi kutcha msampha: ku Malawi ndi cha ndi tcha, chilembo cholowa ndi t, ku Zambia ndi ca ndi cha, cholowa ndi h. Izi zimakhala zofunika pa mtundu wa chilapi umene ndiufotokoze kumapeto, pamene zilembo zowonjezedwazo zimawerengedwa pazokha.

Kalembedwe kachitatu ndi ka akuluakulu. Amene anaphunzira kuwerenga ndi Baibulo la 1922 amalemba bvala, bvuto, bvula, ndipo ku Zambia kalembedwe kameneka sikanafe. Vula ndi bvula si mawu awiri, ndi liwu limodzi lovala malaya a mibadwo iwiri. N'chimodzimodzi ona ndi wona, imba ndi yimba, nchito ndi ntchito, mtengo ndi mutengo. Zonsezi zimaoneka ngati chilembo chawonjezedwa koma tanthauzo silinasunthe, ndiye zimagwa pa muyeso uja.

Ndiye pali Chinyanja cha m'tauni, cha m'minibasi ndi pamsika, chimene chili ndi malamulo akeake ngakhale sichiphunzitsidwa m'kalasi. Mmenemo ana ndi bana, choncho mwana wa ku Matero mukamuuza kuti awonjezere chilembo pa "ana" adzakupatsani b, osadziwa kuti wangobwereza liwu lomwelo. Ambiri polemba pafoni amasiya h, ndipo kwa iwo pala ndi phala zimalembedwa mofanana. Potsanzikana m'tauni mumamva "salani bwino", kutanthauza kuti sala wa kusala kudya ndi tsala wa kutsala m'mbuyo asanduka liwu limodzi. Chilapi cha sala ndi tsala chimene chingakondweretse anthu ku Chipata chingathe kufa pasiteshoni ya mabasi ya Kulima Tawa. Sindiona chifukwa chonyozera malankhulidwe a m'tauni. Ndi amene ana athu amaganizira. Koma woponya chilapi ayenera kudziwa amene akumumvera. Ndaonanso kuti mwana amene wagonja kamodzi pa kola ndi khola saiwalanso h polemba.

Tiyeni tsopano timange chimodzi kuyambira pansi, kuti zonsezi zioneke zikugwira ntchito. Mtundu wake ndi makwerero: liwu lililonse limaposa linzake ndi chilembo chimodzi. Tiyambira pa "ana", zilembo zitatu, ndipo tikufuna kukwera mpaka pamene tingathe.

Khomo lakutsogolo likutipatsa kana, mana, pana ndi zana. Wopanga chilapi sasankha liwu lokoma kwambiri, amasankha limene lili ndi njira yopitirira. Zana amafika pa dzana n'kuima. Kana amapita pa kanda, kenako h n'kulowa kutipatsa khanda, ndipo makwerero amenewo ndi okongola chifukwa ayambira pa ana n'kuthera pa khanda, koma ndi a masitepe anayi okha. Pana, kuja chitseko chimachita ndi chala, ali ndi n woti atsatidwe: panda, panga, panja. Pa atatuwa, panda ndi amene amalandira m kutsogolo n'kukhala mpanda. Ndipo mpanda ali ndi p amene sanalandire mpweya, ndiye h akalowa tapeza mphanda. Masitepe asanu: ana, pana, panda, mpanda, mphanda, kuchoka pa zilembo 3 kufika pa 7. Taonani kuti sitepe iliyonse yadzera khomo losiyana: kutsogolo, pambuyo pa n, m wa kutsogolo, kenako h. Zimenezi n'zimene zimachititsa kuti woyankha asazolowere njira imodzi.

Apa ndi pamene ambiri amafulumira. Amalemba mawu olozera liwu loyamba ndi lomaliza, n'kusiya apakati kuti woyankha adzipezere. Musanatero, tsikani makwererowo chobwerera, mukuchotsa chilembo chimodzichimodzi m'malo onse. Pa mphanda chotsani h, mwapeza mpanda. Pa mpanda chotsani m, mwapeza panda. Koma chotsani p m'malo mwa m, mupeza manda. Ndipo manda mukachotsa d ndi mana, mana mukachotsa m ndi ana. Ndiye kuti pali njira yachiwiri yathunthu: ana, mana, manda, mpanda, mphanda. Munthu amene wadzera kumanda wafika pamalo omwewo mosaphwanya lamulo lililonse. Mukamuuza kuti walakwa, masewera asanduka mkangano. Kuyesa chobwerera kumeneku ndi ntchito imene wopanga chilapi sayenera kuidumpha, ndipo imatenga mphindi zochepa chabe. Zoterezi zimachitikanso pa makwerero aafupi: kuchoka pa ima kufika pa limba mungadzere pa lima kapena pa imba.

Mankhwala ake ndi kupatsa sitepe iliyonse mawu ake olozera. Nazi mmene ndingazilembere:

Sadziwa mtengo wa thumba la ufa, koma ndiwo oyamba kunena kuti njala yawawa.

Chimene chitseko chimachita ndi chala cha wofulumira.

Kusakhala nacho chinthu. Ena amatero ndi ndodo.

Umazungulira nyumba usiku ndi usana koma sulowamo.

Mwendo umodzi, manja awiri m'mwamba. Anyamata amaifuna popanga legeni.

Mzere woyamba ungathe kukopa wina kuyankha "mwana", koma mawu akuti "ndiwo oyamba" akuonetsa kuti ndi ambiri, ndipo mukanena kuti liwulo lili ndi zilembo zitatu mwatseka. Kunena chiwerengero cha zilembo za liwu loyamba ndi chilungamo chimene woyankha ayenera kupatsidwa. Mzere wachiwiri ndi umene ukutsekera kunja mana, kana ndi zana. Ndikanalemba kuti "chochita choipa", mana akanalowa, kana nayenso mwina. Kutchula chitseko ndi chala kukusiya pana yekha.

Mzere wachitatu ukugwiritsa ntchito chinthu chimene kalembedwe kathu kamatipatsa mwaulere. Pali mawu ambiri olembedwa mofanana koma a matanthauzo awiri, ena chifukwa sitilemba kukwera ndi kutsika kwa liwu, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Panda ndi kusowa chinthu, ndiponso ndi kumenya. Mukaloza matanthauzo onse awiri mumzere umodzi, woyankha amayamba wasokonezeka, koma akalipeza sakayikanso, chifukwa panga kapena panja sangakwane mbali zonse ziwiri. Bala angachitidwe chimodzimodzi, chilonda ndi kubereka.

Mizere iwiri yomaliza ili ndi chinsinsi china chimene woyankha wochenjera amachigwiritsa ntchito. U- wa "umazungulira" akuulula gulu la dzinalo, kuti ndi la mtundu wa mtengo, munda, mpanda. I- wa "amaifuna" akuonetsa gulu la nyumba, mbuzi, mphanda. Wolemba ayenera kusamala kuti agwirizanitse bwino timaphatikizo timeneti, chifukwa akalemba "chimazungulira" pofuna kubisa, wanamiza woyankha. Ngati mukufuna kubisa gulu, lankhulani ngati chinthucho chikudzinena chokha: "ndimazungulira nyumba koma sindilowamo". Ndi- sauza munthu gulu lililonse, ndipo n'chifukwa chake zilapi zambiri za mtundu umenewu zimalembedwa motero. Kwa ana aang'ono ndimasiya u- ndi i- kuti ziwathandize. Kwa akuluakulu ndimazibisa.

Woyankha nayenso asamayambe pamwamba nthawi zonse. Mzere wosavuta pa isanuyi ndi wachinayi, makamaka mu Lusaka mmene nyumba zambiri zili m'mipanda ya mabuloko. Mukagwira mpanda, pitani chobwerera: panda kapena manda? Mzere wachitatu ukunena za ndodo, ndiye panda. Kuchotsa chilembo n'kosavuta kuposa kuwonjezera, chifukwa pa liwu la zilembo 6 pali njira 6 zokha zochotsera, pamene zowonjezera ndi 7 kuchulukitsa ndi 24, zomwe ndi 168. Mukakakamira pa sitepe ina, dumphani, pezani ya patsogolo, mubwerere.

Chizindikiro choti mawu olozera ndi ofooka chimaoneka pankhope ya woyankha mukamuuza yankho. Akati "aaa, zoonadi!" ndiye kuti chinali bwino. Akati "komatu changanso chikukwana", musamutsutse. Lembani yankho lakelo pambali n'kukonza mzere wanu mpaka litatuluka. Vuto lina ndi mawu amene anthu anasiya kuwagwiritsa ntchito. Mphala ndi liwu labwino, koma mwana wobadwira ku Kalingalinga mwina sanalimvepo. Liwu limodzi lotere m'makwerero silivuta, chifukwa masitepe oyandikana nalo amamufikitsa pomwepo ndipo waphunzira kanthu. Awiri otsatizana amadula makwererowo pakati.

Mtundu wovuta kupanga kuposa yonse ndi uja wobisa liwu m'zilembo zowonjezedwa. Mumapereka zilapi zingapo zosiyana, chilichonse ndi mawu ake awiri, ndipo zilembo zimene zalowa mukaziwerenga motsatana zimapanga liwu lina. Nachi chitsanzo cha zinayi. Chimene umachita ndi malaya usanasambe, n'kukhala chimene alimi amayang'anira kumwamba mu Novembala: vula ndi mvula, chalowa ndi m. Chimene umachita ndi madzi, n'kukhala chimene amafulula ndi chimera: mwa ndi mowa, chalowa ndi o. Chimene mano amaonekera, n'kukhala chimene umachita ndi chitseko usiku: seka ndi tseka, chalowa ndi t. Chimene mwana amachita ndi mbale yadothi ikamupulumuka, n'kukhala chimene ndalama imachita pakati pa mwezi: swa ndi sowa, chalowa ndi o. Zilembo zinayizo ndi m, o, t, o. Moto.

Liwu lobisikalo limagwira ntchito ziwiri. Ndi mphotho ya amene wamaliza, komanso ndi choyesera mayankho. Mwa angabalenso mawa, ndipo wina akadzera kumeneko adzapeza "mato", n'kuzindikira yekha kuti penapake paphonyeka. Apanso mpamene nkhani ya cha ndi tcha ija imaluma: mukagwiritsa ntchito mawu amenewo pofuna t wa moto, mwana wa sukulu ya ku Lusaka adzalemba ca ndi cha, n'kupeza h pamalo pa t.

Malire a mtundu umenewu ndi mavawelo. Liwu lililonse la Chichewa limene mungafune kubisa lili ndi mavawelo pafupifupi theka la zilembo zake, pamene mawu olandira vawelo ndi ochepa. Wa o tili ndi mowa ndi sowa. Wa u tili ndi ufa ndi guwa. Wa a tili ndi gwa ndi gawa, mwa ndi mawa. Wa e pali phwa, kuja madzi amachita m'chitsime mu Okutobala, n'kukhala phewa, ndipo amenewa amabwera ndi makwerero awoawo: pha, phwa, phewa. Wa i ndi wovuta; pa ndi ipa alipo, koma kulozera kaliwu ngati pa popanda kukatchula n'kovuta. Amene amalemba ŵ wa kachipewa adzakuuzaninso kuti w wa mu mwa si yemwe ali mu maŵa, choncho gwirizanani kaye kuti w ndi mmodzi. Sankhani liwu lobisika poyang'ana mavawelo amene muli nawo, osati posankha liwu kaye n'kumasaka pambuyo. Ndipo onetsetsani kuti liwulo silikupezeka pakati pa mayankho. Mukafuna kubisa "mawa" mungatenge m wa mvula, a wa gawa, w wa dwala, koma a wachiwiri musamutenge pa mwa ndi mawa, chifukwa pamenepo mwalemba yankho lalikulu poyera chilapi chisanathe.